Ejenti akafunsa nthawi yanu ndi mtengo wa pa ola, yankhani motere

Uthenga wake umakhala waufupi, ndipo nthawi zambiri umafika pa LinkedIn kapena pa imelo. Tiyerekeze kuti wanu wachokera kwa ejenti wa ku London, wosakira makampani anthu ogwira ntchito. Akuti pali kampani ina yomwe ikufuna munthu woyesa mapulogalamu a pakompyuta, pa kontrakiti ya miyezi isanu ndi umodzi kuyambira mu Seputembala, maola 30 pa sabata, yogwirira kunyumba, malipiro ake m'madola. Kumapeto kuli mafunso awiri: mumapezeka nthawi ziti, ndipo mumalipiritsa zingati pa ola? Inu muli ku Lilongwe, foni ili m'manja, mtima ukuti muyankhe msanga wina asanakulandeni. Ambiri amalemba kuti “nthawi iliyonse ndilipo” kenaka n'kutchula nambala yomwe yangobwera m'mutu.

Mayankho awiriwa amakutsatirani mpaka kontrakiti kutha. Ejenti amawalemba pansi, amawatumiza ku kampani pamodzi ndi dzina lanu, ndipo kukweza mtengo pambuyo pake kumakhala ngati kubweza malovu omwe mwalavula kale. Komanso mafunsowa si awiri enieni ayi, ndi limodzi. Mtengo wa ola umadalira kuti maolawo ndi angati, ndi a nthawi yanji, ndipo ndalama yake ifika liti. N'chifukwa chake sitiyamba ndi nambala.

Choyamba: funsani musanayankhe

Ejenti ndi mkhalapakati. Amene amamulipira ndi kampani yofuna munthuyo, ndipo pa makontrakiti ambiri phindu lake limachokera pa kusiyana kwa ndalama yomwe kampani ikulipira pa ola ndi yomwe ikufika kwa inu. Kampani ikamalipira madola 40 iye n'kutengapo gawo limodzi mwa magawo asanu, inu mumalandira 32. Izi si kuba, ndi mmene malondawa amayendera. Koma zikutanthauza kuti ejentiyo amadziwa kale malire a ndalama yomwe ilipo, inu simukudziwa. Safunsa anadya phula.

Choncho yankho lanu loyamba likhale la mizere yochepa: kuthokoza, kunena kuti ntchitoyo yakusangalatsani, kenaka mafunso. Funsani kuti kampaniyo yakonza ndalama zingati pa ola. Maejenti ambiri amanena akafunsidwa mwachindunji, chifukwa nawonso safuna kutaya nthawi pa munthu yemwe mtengo wake sukugwirizana ndi bajeti. Funsaninso ngati nambala yomwe akutchulayo ndi yofika kwa inu kapena ndi yomwe iye adzadulapo. Funsani ngati maola 30 aja ndi otsimikizika kapena ndi “mpaka 30”. Mawu ang'onoang'ono amenewa ndi oopsa kuposa ena onse mu uthengawo, ndipo tiwabwerera. Pomaliza funsani maola omwe akufuna kuti inu ndi gulu lawo mukhale pa intaneti nthawi imodzi, ndi masiku omwe amatenga kuti alipire invoisi.

Ngati ejenti wakana kutchula bajeti, musakangane naye. Mudzatchula yanu, koma mutawerengera. Ndipo akafunsa kuti panopa mumalandira zingati, simukakamizidwa kunena. Malipiro a m'makwacha akasinthidwa kukhala madola amaoneka ochepa kwambiri kwa munthu wa ku London, ndipo kuyambira pamenepo zokambirana zonse zimazungulira pa kanambala kameneko. Ingoyankhani mwaulemu kuti ntchito yolembedwa ndi ya kontrakiti sizifanana, ndipo mtengo wanu wa kontrakiti ndi wakutiwakuti.

Chachiwiri: konzani nthawi yanu pa wotchi ziwiri

Funso loti mumapezeka liti lili ndi mafunso anayi mkati mwake: tsiku lomwe mungayambe, maola omwe mungagwire pa sabata, nthawi ya tsiku yomwe mumakhala pa kompyuta, ndi nthawi yomwe angakuimbireni sabata ino kuti mucheze. Mukayankha limodzi lokha, ejenti amadzaza otsalawo ndi zomwe zikumukomera iye.

Za tsiku loyamba ndi zosavuta. Ngati muli pantchito ina, tsegulani kalata yanu ya ntchito muone masiku a notisi. Kwa ambiri olandira pamwezi kuno kwathu umakhala mwezi wathunthu. Onjezanipo masiku awiri kapena atatu okonzekera, kenaka tchulani tsiku lenileni, mwezi wake mutaulemba m'mawu. Musalembe 01/09, chifukwa Mngelezi awerenga 1 Seputembala pomwe wa ku Amereka awerenga 9 Januwale.

Pa wotchi ndiye pamagona nkhani. Malawi ali pa UTC+2 chaka chonse, kutanthauza maola awiri patsogolo pa wotchi yomwe dziko lonse limayezerapo nthawi, chimodzimodzi Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa. Wotchi yathu siisuntha. Ya ku London imasuntha kawiri pachaka: Lamulungu lomaliza la Malichi amaikankhira patsogolo ndi ola limodzi, Lamulungu lomaliza la Okutobala n'kuibweza. Ndiye kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala ife timakhala patsogolo pa London ndi ola limodzi, miyezi yotsalayo ndi maola awiri.

Taonani tsono kontrakiti yathu ija. Ikuyamba mu Seputembala, ikutha kumapeto kwa Febuluwale, kutanthauza kuti kusintha kwa wotchi kukupezani muli mkati mwa ntchito. Ngati gulu la ku London limagwira kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka hafu pasiti 5 madzulo, kwa inu mu Seputembala ndi 10 koloko mpaka hafu pasiti 6. Okutobala akangotha, ndi 11 koloko mpaka hafu pasiti 7 usiku. Msonkhano wa 4 koloko madzulo ku London, womwe munkaulowa 5 koloko, tsopano ukugwa 6 koloko, nthawi yomwe ana abwera kusukulu, mphika uli pamoto, mwinanso magetsi azima. Munthu amene analonjeza kuti amapezeka mpaka 6 koloko ya kwathu osaganizira izi, amangozindikira mu Novembala kuti misonkhano ya chakumadzulo yatuluka kunja kwa nthawi yake.

Ine zinandigwera kamodzi, chakumapeto kwa Malichi. Ndinalemba nthawi ya intavyu pa kapepala sabata ziwiri tsikulo lisanafike, nditawerengera maola awiri. Pakati pakepo wotchi yawo inasuntha. Ndinalowa pa msonkhano nditapsa tayi, n'kupeza anthu anadikira n'kutuluka ola lathunthu lapitalo. Sanandiyankhenso.

Kampani ikakhala ya ku Amereka kusiyanaku kumakula, ndipo masiku osinthira wotchi ndi ena: Lamulungu lachiwiri la Malichi ndi Lamulungu loyamba la Novembala. New York amakhala m'mbuyo mwathu ndi maola 6 m'chilimwe chawo, 7 m'nyengo yawo yozizira. 9 koloko m'mawa kumeneko ndi 3 kapena 4 koloko masana kuno. California ndiye ndi maola 9 kapena 10, ndipo kugwira nawo nthawi imodzi ndi ntchito ya usiku basi, yoyenera mtengo wa usiku. Ku Germany kapena ku Netherlands n'kosavuta, pakuti m'chilimwe chawo wotchi yawo ndi yathu zimafanana.

Njira yake ndi iyi. Sankhani maola omwe mungalonjeze ngakhale pa tsiku loipa, osati pa tsiku labwino. Alembeni pa wotchi yawo ndi yanu yomwe, ndipo munene kuti lonjezolo mwalimangirira pa wotchi iti. Mwachitsanzo: Lolemba mpaka Lachisanu, 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana nthawi ya ku London, chaka chonse. Kumeneko ndi 11 mpaka 5 kwa inu mu Seputembala, ndi 12 mpaka 6 kuyambira kumapeto kwa Okutobala. Ndi maola 6 pa tsiku, 30 pa sabata, ndipo mwauona kale mmene Novembala adzakhalire. Polemba dzina la nthawi yathu, ikani UTC+2 osati CAT yokha, chifukwa anthu a kunja ambiri saidziwa ndipo ena amaisokoneza ndi CET ya ku Ulaya. Pa Google Calendar mutha kuonjezera wotchi yachiwiri kuti ziwirizi zizioneka pambali ndi pambali, ndipo ngati mumatumiza linki ya Calendly yoti anthu asankhirepo nthawi yokumana nanu, onetsetsani kuti kompyuta yanu ili pa nthawi yolondola. Pa Windows yathu imalembedwa kuti (UTC+02:00) Harare, Pretoria.

Nenaninso masiku omwe mukudziwa kale kuti simudzapezeka. Ku London sadziwa kuti pa 15 Okutobala ndi tsiku la anakubala, kapena kuti pa 15 Januwale timakumbukira John Chilembwe, ndipo onse awiriwa akugwa mkati mwa kontrakiti yathu. Sankhani nokha ngati mudzagwire kapena ayi, koma nenani pachiyambi. Ngati pali chinkhoswe kapena ukwati wa pachibale mu Disembala, tchulani masikuwo tsopano. Palibe ejenti amene amakana munthu chifukwa cha masiku atatu onenedweratu.

Za magetsi ndi netiweki musabise, komanso musadandaule. Chiganizo chimodzi chokwanira: muli ndi invata kapena sola yomwe imasunga laputopu ndi rauta maola angapo, ndipo muli ndi intaneti ya makampani awiri osiyana. Ngati mulibe, musaname. Chepetsani maola olonjeza, ndipo mtengo wa zipangizozo ulowe mu masamu otsatirawa.

Chachitatu: pezani mtengo womwe simungatsikepo

Apa ndi pomwe anthu ambiri amadzibera okha. Amatenga ndalama yomwe akufuna pachaka n'kuigawa ndi maola 2,080, omwe ndi sabata 52 kuchulukitsa ndi maola 40. Masamu amenewa ndi a munthu wolembedwa ntchito, yemwe amalipidwa ali pa tchuthi, ali m'chipatala, ali ku maliro, ndipo kompyuta ndi intaneti amapatsidwa ndi abwana. Wa kontrakiti ali ngati waganyu: tsiku lomwe khasu silinagwe pansi, palibe cholowa.

Tiyeni tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza, inu mudzaikemo anu. Mukufuna kuti pakhomo pazitsala madola 1,500 pamwezi, omwe ndi 18,000 pachaka. Ntchitoyo payokha imadya ndalama: intaneti ya mizere iwiri, tinene 960 pachaka, invata ndi mabatire mutagawa mtengo wake pa zaka zomwe zimakhala, 600, laputopu ya madola 900 yomwe ikhale zaka zitatu, 300, mapulogalamu ndi tina n'tina, 240. Zonse ndi 2,100. Onjezani 1,900 ya chipatala ndi yosungira ukalamba, popeza palibe bwana amene akukuikirani penshoni. Tafika pa 22,000.

Kenaka msonkho. Kampani ya kunja siidula kanthu n'kupereka ku MRA m'malo mwanu, udindowo ndi wanu, ndipo gawo lenileni likudalira ndalama zomwe mwapeza ndi mmene munalembetsera. Akauntanti akuuzani bwino. Pa chitsanzo chathu tiike pambali 25 peresenti. Palinso zomwe zimadyedwa panjira, ndi banki kapena ndi makampani otumiza ndalama monga Payoneer, kuphatikizapo kusiyana kwa mtengo posintha ndalama. Tiike 3 peresenti. Onani kuti apa timagawa, sitionjezera, chifukwa msonkho umadulidwa pa ndalama yonse yolowa.

```
22,000 / 0.75 = 29,333
29,333 / 0.97 = 30,240
```

Tsono maola. Pa sabata 52 chotsani zinayi za tchuthi, matenda ndi maliro. Chotsaninso zisanu ndi zitatu zomwe mudzakhale mukusaka kontrakiti ina, pakuti ya miyezi isanu ndi umodzi imatha ndithu, ndipo yotsatira siidikira pakhomo. Zatsala sabata 40. Pa maola 30 pa sabata, ndi maola 1,200 olipidwa pachaka.

```
30,240 / 1,200 = 25.20
18,000 / 2,080 = 8.65
```

Mzere woyambawo ndi mtengo wanu wapansi, madola 25 ndi pang'ono. Wachiwiriwo ndi womwe mukanatchula mukanawerengera ngati wolembedwa ntchito. Kusiyana kwake ndi pafupifupi katatu, pa munthu yemweyo, wofuna moyo womwewo. Amene wavomera madola 10 akuganiza kuti wapindula, chifukwa akasintha kukhala makwacha nambalayo imaoneka yonona. Amadzazindikira batire la invata likafa, kapena kontrakiti ikatha iye alibe chosunga.

Koma mtengo wapansi ndi chinsinsi chanu, si wouza ejenti. Uli ngati mtengo womwe mayi wogulitsa tomato anaodera: amaudziwa mumtima, koma pa benchi amatchula wina. Womwe mutchule uchokere ku msika. Onani zotsatsa ntchito zofanana ndi yanu zomwe zalemba malipiro, onani mitengo ya anthu a luso ngati lanu pa Upwork, webusaiti yopezerapo ntchito za pa intaneti, funsani anzanu awiri kapena atatu omwe akugwira kale ndi makampani a kunja. Mukapeza kuti msika uli pamwamba pa mtengo wanu wapansi, tsatirani msika. Kampani ikulipira ntchito yomwe yagwirika, osati mtengo wa ufa ku Area 25. Mukapeza kuti msika uli pansi pake, vuto silili pa kanenedwe ayi: mwina mufunika maola ochuluka, mwina luso lina, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi musanasaine kanthu. Pa chitsanzo chathu tinene kuti mwaona kuti 32 ndi nambala yoyenera.

Chachinayi: tchulani nambala imodzi, ndi zomangira zake

Anthu amakonda kunena kuti “pakati pa 25 ndi 35” poganiza kuti akuoneka omasuka. Ejenti amamva 25 yokha. Ngati mukufunadi kupereka malire awiri, wapansiwo ukhale nambala yomwe mungailandire mosangalala, ndipo munene chomwe chimasuntha mtengowo, monga misonkhano ya usiku kapena kudikirira mafoni Loweruka. Koma ine ndimaona kuti nambala imodzi ndiyo imagwira bwino ntchito. Imasonyeza kuti munthuyo anawerengera.

Nambalayo isayende yokha. Tchulani mtundu wa ndalama ndi zilembo zake, USD kapena GBP, chifukwa paundi ndi yolemera kuposa dola ndipo 32 yopanda dzina ingathe kumveka mwina. Musatchule m'makwacha ngakhale atakupemphani kuti “zikhale zosavuta”. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, itagwetsedwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Yemwe anali ndi kontrakiti ya m'makwacha anadzuka m'mawa malipiro ake atafota, laputopu ndi mabatire zikugulidwabe pa mtengo wotsatira dola.

Maejenti a ku Britain amakonda mtengo wa pa tsiku. Akatero, funsani kuti tsikulo ndi la maola angati, chifukwa ena amawerengera 8, ena 7 ndi theka. Madola 240 pa tsiku ndi 30 pa ola ngati tsiku lili la maola 8, koma ndi 32 ngati lili la 7 ndi theka. Ndipo tsiku lopanda malire olembedwa limatha kutalika mpaka maola 10 mtengo uli womwewo.

Tibwerere ku mawu aja oti “mpaka 30”. Pa madola 32, sabata ya maola 30 ndi 960. Koma ngati kampani ili ndi ufulu wokupatsani ntchito yochepa, sabata ina mudzagwira maola 12 n'kulandira 384, chonsecho munatsekera ena onse khomo kuyambira 11 mpaka 5 tsiku lililonse kudikira iwo. Apa ndi pomwe nthawi ndi mtengo zimakumana. Ngati akufuna kuti muwasungire maola, alonjeze ochepetsetsa omwe adzalipire ngakhale ntchito itasowa, tinene 20 pa sabata. Ngati sangalonjeze, mtengo wa ola ukwere, ndipo inu mukhale ndi ufulu wogwira kwina.

Chomangira chomaliza ndi tsiku lolipira. Pa mapepala awo mudzaona mawu onga `Net 30`, kutanthauza kuti amalipira pasanathe masiku 30 chilandirireni invoisi. Werengerani bwino: mwayamba pa 1 Seputembala, invoisi mwatumiza pa 30 Seputembala, iwo alipira pa 30 Okutobala, ndalama ikuyenda m'mabanki masiku angapo, ikufika mu Novembala. Ndi miyezi iwiri yathunthu mukugula mabandulo ndi ndalama ya m'thumba. Ambiri amagwa m'katapila pa miyezi imeneyi. Pemphani kuti muzitumiza invoisi sabata ziwiri zilizonse, kapena kuti azilipira pa masiku 14. Funsaninso ngati ejenti amakulipirani pa tsiku lake ngakhale kampani isanamulipire iye, chifukwa makontrakiti ena amati mudzalandira iye akalandira.

Chachisanu: lembani yankho

Mudzalilemba m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi awa, ndipo lisapitirire zomwe munthu angawerenge pa foni osatsitsa kawiri:

> Zikomo pondiganizira pa ntchitoyi. Nditha kuyamba Lolemba loyamba la Seputembala, ndipo ndilipo miyezi yonse isanu ndi umodzi. Ndingagwire maola 30 pa sabata, Lolemba mpaka Lachisanu, 10:00 mpaka 16:00 nthawi ya ku London, ndipo ndidzatsata wotchi yanu ikasintha mu Okutobala. Ndili ku Malawi, UTC+2, ndipo ndili ndi magetsi apadera ndi intaneti ya mizere iwiri. Sindidzapezeka kuyambira pa 22 mpaka pa 26 Disembala. Mtengo wanga ndi USD 32 pa ola, yofika kwa ine, pa maola osachepera 20 pa sabata, invoisi sabata ziwiri zilizonse. Ntchito ya kunja kwa maola amenewa tingakambirane payokha. Kuti ticheze, ndilipo Lachiwiri 11:00, Lachitatu 14:00 kapena Lachinayi 10:00, nthawi ya ku London. Chonde musatumize mbiri yanga ya ntchito ku kampani iliyonse musanandiuze dzina lake.

Onani zomwe mulibemo. Mulibe kupepesa chifukwa cha mtengo, mulibe kufotokoza za lendi kapena fizi ya ana, mulibe mawu oti “koma tikhoza kukambirana”. Ulemu wathu umatikoka kuti tifewetse nambala tikangoitchula, koma ejenti akawerenga mawu ofewetsawo amadziwa kuti mtengo weniweni uli pansi. Ulemu uli m'moni ndi m'kuthokoza, nambala ingoima.

Chiganizo chomalizacho chili ndi chifukwa chake. Ntchito imodzi imatha kupatsidwa kwa maejenti angapo, ndipo dzina lanu likafika ku kampani kudzera mwa awiri, mwinanso ndi mitengo iwiri yosiyana, makampani ena amangolichotsa kuti apewe mkangano wa yemwe adye komishoni. N'chifukwa chake maejenti ambiri amapempha kuti muvomere pa imelo kuti akuimireni pa ntchito imeneyo. Vomerani pa ntchito imodzi, ya kampani yotchulidwa dzina, pa mtengo wolembedwa. Musavomere zoti akuimireni paliponse.

Akati mtengo wakwera

Kawirikawiri amaimba foni, chifukwa pa foni munthu amagonja msanga. Anena kuti bajeti yathera pa 28. Musayankhe pomwepo. Nenani kuti muonanso masamu anu ndipo muyankha pa imelo tsiku lomwelo. 28 ili pamwamba pa 25 yanu ija, ndiye pali pokambirana, koma musatsike chabe. Sinthanitsani. Mutha kuvomera 29 ngati maola 30 onse akhala otsimikizika, kapena ngati azilipira pa masiku 7, kapena ngati alemba kuti mtengo udzaunikidwanso pakatha miyezi itatu. Madola 29 pa maola 30 otsimikizika ndi 870 pa sabata, pomwe 32 pa maola 20 ndi 640. Nthawi zina mtengo wotsika ndi womwe ukulipira bwino.

Akatchula 18, zikomo yokha ikwanira. Nenani kuti pa mtengo umenewo simungathe, koma akadzapeza ina ya bajeti yokulirapo akukumbukireni. Maejenti amasunga maina, ndipo amasunganso mtengo womwe munavomera komaliza.

Zonse zomwe mwagwirizana pa foni zibwerezeni pa imelo tsiku lomwelo: mtengo, mtundu wa ndalama, maola, tsiku loyamba, tsiku lolipira. Kontrakiti ikabwera, iikeni pambali pa imeloyo muone ngati zikufanana mzere ndi mzere. Ngati wolipirayo ndi wa ku Amereka, adzakutumizirani fomu ya W-8BEN, yomwe imangotsimikiza kuti si inu wokhoma msonkho wa kumeneko. Imeneyo ndi yachizolowezi. Chomwe si chachizolowezi ndi ejenti wopempha ndalama kwa inu, kaya akuti ya kulembetsa, ya maphunziro kapena yogulira laputopu kwa “wogulitsa wawo”. Chimodzimodzi yemwe wavomera mtengo wanu osakufunsani kanthu za ntchito, n'kuthamangira kupempha pasipoti ndi nambala ya ku banki pa WhatsApp kapena Telegram. Ejenti weniweni amalembera pa imelo ya kampani yake, ndipo zikalata zanu amazifuna pokhapokha ntchito itapezeka.

Akangokhala chete, dikirani masiku anayi kapena asanu a ntchito, kenaka tumizani mizere iwiri yofunsa pomwe zafika, n'kunena kuti tsiku loyamba lija mungalisunge mpaka Lachisanu likudzali. Likadutsa, maolawo ndi anu, apatseni wina. Ngati mwasaina kwina ejenti woyambayo asanayankhe, muuzeni tsiku lomwelo, ndipo mumuuzenso mwezi womwe kontrakiti yatsopanoyo idzathe.